Ngongole Yobisika M'kati mwa Opishoni: Zimene Rho Amatiuza za Chiwongoladzanja

Lachitatu pa 8 Malichi 2023, munthu wobwereketsa ndalama ku boma la America kwa zaka ziwiri ankalandira chiwongoladzanja chopitirira pang'ono 5 peresenti pachaka. Lachisanu la sabata yomweyo banki ya Silicon Valley Bank ya ku California inatsekedwa. Anthu a ndalama anagwidwa mantha, ndipo anathamangira kukabisa chuma chawo m'zikalata za ngongole za boma. Pofika Lachitatu linalo, chiwongoladzanja chija chinali chitatsika mpaka pansi pa 4 peresenti. Peresenti yathunthu inasowa m'sabata imodzi.

Maso a anthu ambiri anali pa mabanki. Koma panali gulu lina limene nkhaniyi inalikhudza mwakachetechete: anthu amene anali ndi maopishoni a nthawi yaitali. Ena mwa iwo analibe sheya ngakhale imodzi ya banki, komabe mbali ina ya mtengo wa maopishoni awo inasuntha chifukwa cha chiwongoladzanja chokha. Nambala imene imayeza kusunthaku imatchedwa Rho, dzina la chilembo cha Chigiriki, ndipo amatchula kuti "ro". Nthawi zambiri ndi nambala yaing'ono imene anthu ogula ndi kugulitsa maopishoni sataya nayo nthawi. Nkhani yathu ndi yofuna kudziwa nthawi imene nambalayi imasiya kukhala yaing'ono, ndi chifukwa chake.

Opishoni ndi pangano lotani

Opishoni ndi pangano limene limapatsa munthu ufulu wogula kapena wogulitsa chinthu pa mtengo wogwirizana lero, tsiku lina loikika lisanadutse. Ufuluwo amaugula ndi ndalama zimene sizibwezedwa. Akaona kuti panganolo lamukomera amaligwiritsa ntchito, ndipo akaona kuti silimuthandiza amangolisiya kuti lithe lokha. Pali mitundu iwiri. Opishoni yogulira, imene pakompyuta imalembedwa kuti `Call`, imapereka ufulu wogula. Opishoni yogulitsira, imene imalembedwa kuti `Put`, imapereka ufulu wogulitsa.

Msika woyamba wogulitsa maopishoni a masheya mwadongosolo unatsegulidwa ku Chicago mu Epulo 1973, ndipo dzina lake ndi Chicago Board Options Exchange. Chaka chomwecho Fischer Black ndi Myron Scholes anasindikiza njira yowerengera mtengo wa opishoni, ndipo Robert Merton anaikulitsa. Njirayi imafuna zinthu zisanu: mtengo wa sheya lero, mtengo wopangana, nthawi yotsala, kugwedezeka kwa mtengo wa sheyayo, ndi chiwongoladzanja. Maopishoni ambiri amatha pakapita masabata kapena miyezi yochepa. Mu 1990 msika wa ku Chicago unayamba kugulitsa ena okhalitsa otchedwa LEAPS, amene amatha kufika zaka pafupifupi zitatu. Pa msika wa ku America, kontirakiti imodzi ya opishoni imaimira masheya 100.

Zinthu zinayi zoyambazo n'zosavuta kumvetsa chifukwa chake zili m'njirayi. Chachisanu ndi chimene chimadabwitsa. Munthu wagula opishoni ndi ndalama zake, sanapite kubanki, sanasaine fomu ya ngongole. Nanga chiwongoladzanja chikulowa bwanji?

Ndalama zimene zatsala m'thumba

Tiyerekeze kuti mukufuna puloti ya K10 miliyoni. Mwini wake akuti: "Ndipatseni kandalama lero, kosabweza ndiponso kosachotsera pa mtengo. Ine ndikusungirani puloti zaka ziwiri. Zikatha, mukafuna mudzagula pa K10 miliyoni yomweyo, mukapanda kufuna mudzasiya." Limeneli ndi pangano lofanana ndi opishoni yogulira.

Taonani kumene kuli K10 miliyoni ija m'zaka ziwirizo. Ili kwa inu. Mukaiika kubanki kumene akupereka 20 peresenti pachaka, ibereka K4.4 miliyoni. Mwini puloti akudziwa zimenezi. Akanagulitsa lero, phindu limenelo likanakhala lake, choncho sangakusungireni puloti pa ndalama yochepa. Koma banki ikakhala kuti ikupereka 2 peresenti yokha, ndalama ija ibereka K404,000 basi, ndipo mwini puloti sakutaya zambiri podikira. Pangano likakhala la mwezi umodzi, ngakhale pa 20 peresenti, chimene akutaya ndi ndalama zosakwana K170,000.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Wogula opishoni yogulira wapatsidwa mwayi wolipira mochedwa, ndipo kulipira mochedwa ndi ngongole, ngakhale pasakhale pepala lotchula mawuwo. Chiwongoladzanja cha ngongoleyo chimalowetsedwa mu mtengo wa opishoni. Chikakwera, opishoni yogulira imakwera mtengo.

Kwa opishoni yogulitsira zinthu zimatembenuka. Mwini wake ali ndi ufulu wolandira ndalama mtsogolo. Chiwongoladzanja chikakwera, ndalama yobwera mochedwa imachepa mphamvu poyerekeza ndi ndalama ya lero, chifukwa ya leroyo ikanayamba kale kubereka. Choncho opishoni yogulitsira imatsika mtengo. N'chifukwa chake Rho wa `Call` amakhala woposa ziro, pamene wa `Put` amalembedwa ndi chizindikiro chochotsera.

Tiwerengere limodzi

Rho amanena kuchuluka kwa ndalama zimene mtengo wa opishoni usunthe chiwongoladzanja chikasintha ndi peresenti imodzi yathunthu, mwachitsanzo kuchoka pa 1 kufika pa 2, zinthu zina zonse zili chimodzimodzi. Kuti tione kumene nambalayi imachokera, titenge chitsanzo chopeka cha manambala osavuta. Sheya ili pa $100, ndipo kampani yake sigawa phindu kwa eni masheya. Mtengo wopangana ndi $100. Kugwedezeka kwa sheyayi ndi 25 peresenti pachaka. Chiwongoladzanja ndi 1 peresenti, ndipo opishoni itha pakapita zaka ziwiri. Njira ya Black ndi Scholes ikupereka $14.90 pa sheya iliyonse ngati mtengo wa opishoni yogulira, kutanthauza $1,490 pa kontirakiti.

Tsopano tipite kwa amene wagulitsa opishoniyo. Kawirikawiri imakhala kampani imene ntchito yake ndi kugula ndi kugulitsa maopishoni tsiku lonse, ndipo sifuna kuchita juga ndi mtengo wa sheya. Yalonjeza kudzapereka masheya 100 pa $100 iliyonse. Sheya ikakwera kwambiri idzaluza, choncho imadziteteza pogula ena mwa masheyawo lero lomwe. Pa chitsanzo chathu, masamu akuti igule masheya pafupifupi 59, amene mtengo wake ukuyandikira $5,920. M'manja ili ndi $1,490 imene yalandira kwa wogula. Ndalama zotsalazo, pafupifupi $4,430, iyenera kubwereka.

Ngongole yobisika ija ndi imeneyi, ndipo ndi ngongole yeniyeni imene wina akulipirira chiwongoladzanja. Chikakwera ndi peresenti imodzi, $4,430 ifuna ndalama zowonjezera zokwana pafupifupi $44 pachaka, ndiye kuti $89 pa zaka ziwiri. Kampani ija sidzalipira ndalamayi kuchokera m'thumba mwake, idzaiika pa mtengo wa opishoni. Tikagawa $89 ndi masheya 100 tikupeza masenti 89 pa sheya. Ameneyu ndiye Rho wa opishoni yathu, ndipo pakompyuta aoneka ngati 0.89.

Choncho Rho si chinthu chachilendo. Ndi kukula kwa ngongole yobisika, kuchulukitsa ndi zaka zotsala, kuchulukitsa ndi peresenti imodzi. Amene anawerengerapo ngongole ya kubanki kapena ya banki nkhonde akudziwa kale masamu amenewa.

Tisinthe chinthu chimodzi chokha: opishoni ikhale ya mwezi umodzi. Mtengo wake ukhala $2.92. Ngongole yobisika sinachepe ayi, ili pafupifupi $4,900 pa kontirakiti. Koma peresenti imodzi ya ndalamayi pa mwezi umodzi ndi $4 yokha. Rho ndi 0.04. Ngongole ndi yofanana, chasiyana ndi nthawi, ndipo Rho wa opishoni ya zaka ziwiri waposa wa mwezi umodzi maulendo oposa 20.

Banki yaikulu ya America, Federal Reserve, imakonda kusintha chiwongoladzanja ndi kota ya peresenti. Kusintha kotere kumasuntha opishoni ya mwezi umodzi ndi senti imodzi pa sheya. Kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira pa msika nthawi zambiri kumaposa pamenepo, moti senti imeneyo siioneka n'komwe. Pa opishoni ya zaka ziwiri kota yomweyo ndi masenti 22, kapena $22 pa kontirakiti ya $1,490. Yayamba kuoneka, koma sinafike podetsa nkhawa.

Chiwongoladzanja chikayenda ulendo wautali

Kuyambira Disembala 2008 mpaka Disembala 2015, komanso kuyambira Malichi 2020 mpaka Malichi 2022, Federal Reserve inasunga chiwongoladzanja chake pakati pa ziro ndi kota ya peresenti. Anthu ambiri anaphunzira malonda a maopishoni m'zaka zimenezo, pamene kubwereka kunali ngati kwaulere, ndipo anazolowera kusayang'ana Rho. Kenako mitengo ya zinthu inakwera kwambiri ku America. Kuchokera mu Malichi 2022 mpaka Julayi 2023 bankiyo inakweza chiwongoladzanja maulendo 11, mpaka chinafika pakati pa 5.25 ndi 5.50 peresenti.

Tibwerere ku chitsanzo chathu, tichotse 1 peresenti n'kuikapo 5, zina zonse zisasinthe. Opishoni yogulira ya mwezi umodzi ichoka pa $2.92 kufika pa $3.09. Yakwera ndi masenti 17 okha, ngakhale chiwongoladzanja chakula kasanu. Opishoni yogulira ya zaka ziwiri ichoka pa $14.90 kufika pa $18.65. Yakwera ndi $3.75, limene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake woyamba. Opishoni yogulitsira ya zaka ziwiri, imene inali pa $12.92, itsika kufika pa $9.13, kutaya pafupifupi 29 peresenti ya mtengo wake.

Zimenezi zili ndi tanthauzo kwa anthu awiri osiyana. Munthu wofuna kuteteza masheya ake kwa zaka ziwiri, pogula ufulu wodzawagulitsa pa $100, apeza chitetezocho chotsika mtengo pamene chiwongoladzanja chili pamwamba. Munthu wofuna ufulu wodzagula alipira zambiri. Kampani sinasinthe, sheya sinasunthe, mantha a msika ndi omwewo. Chasintha ndi mtengo wa kudikira.

Pali chinthu china chimene manambalawa akuonetsa. Tikanangotenga Rho wa 0.89 n'kuchulukitsa ndi maperesenti anayi, tikanapeza $3.56, osati $3.75. Kusiyanaku kukubwera chifukwa Rho mwiniwake amasintha chiwongoladzanja chikamayenda: pa 5 peresenti wafika kale pa 0.98. Rho amalondola pa kusintha kwakung'ono. Kusintha kukakula, ndi bwino kuwerengeranso mtengo wonse ndi chiwongoladzanja chatsopanocho.

Amene amakhudzidwa koposa

Kupatula nthawi ndi kukula kwa kusintha, pali chinthu chachitatu: malo a mtengo wopangana poyerekeza ndi mtengo wa sheya. Pali anthu amene m'malo mogula sheya ya $100 amagula opishoni ya zaka ziwiri yowalola kudzagula pa mtengo wotsika kwambiri, tinene $60. Popeza mwayi woti sheya idzakhalebe pamwamba pa $60 ndi waukulu, opishoniyi imayenda pafupifupi ngati sheya yeniyeniyo, koma munthu watulutsa ndalama zosakwana theka. Ambiri amaona ngati apeza njira yotsika mtengo. Zoona zake n'zakuti abwereka $60.

Pa chiwongoladzanja cha 1 peresenti, opishoniyi ikugulidwa $41.97. Mwa ndalamayi, $40 ndi kusiyana kwa $100 ndi $60, kumene ndi phindu lomwe lilipo kale. Chowonjezera ndi $1.97, ndipo ndalama imeneyi imasungunuka pang'onopang'ono mpaka tsiku lomaliza. Pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti mtengo ukhala $46.15, ndipo chowonjezera chafika pa $6.15, kuposa katatu. Mwa $6.15 imeneyi, pafupifupi $5.70 ndi chiwongoladzanja cha $60 ija pa zaka ziwiri. Kachigawo kotsalako ndiko mtengo wa chitetezo, kutanthauza ufulu wongochoka sheya ikagwa pansi pa $60.

Munthu amene ankachita zimenezi mu 2021 n'kudzabwerezanso mu 2023 anapeza kuti njira yomweyo yadula kwambiri. Sikuti wina wamubera. Ngongole imene wakhala akutenga nthawi yonseyi yangokwera chiwongoladzanja. Funso loyenera kudzifunsa asanagule ndi lomwe angafunse kubanki: kodi ndalama zimene ndasunga m'thumba zikubereka zokwanira kulipira chowonjezerachi? Akaziika pamene zikubereka 5 peresenti, zinthu zimalingana. Akazisiya zili gone, chiwongoladzanja chonsecho chimatuluka m'phindu lake.

Ku mbali inayo, opishoni yolola kugula pa mtengo wapamwamba kwambiri, monga $160, imakhala ndi Rho wocheperapo pa madola, chifukwa wogulitsa amagula masheya ochepa podziteteza ndipo ngongole yake ndi yaing'ono. Koma popeza mtengo wa opishoniyo nawonso ndi wochepa, kandalama kakang'onoko kakhoza kukhala gawo lalikulu la mtengowo. Choncho ndi bwino kuyang'ana Rho kawiri: kuchuluka kwake pa madola, komanso kukula kwake poyerekeza ndi ndalama zimene mwalipira.

Kuona chiwongoladzanja ndi maso anu

Pali njira yodziwira chiwongoladzanja chimene chili m'kati mwa maopishoni popanda kukhulupirira masamu a wina aliyense. Mutenge opishoni yogulira ndi yogulitsira za sheya imodzi, mtengo wopangana umodzi, ndi tsiku lothera limodzi. Munthu akagula yoyambayo n'kugulitsa yachiwiriyo, ndiye kuti wadzimanga kuti adzagula sheyayo pa mtengo wopangana zivute zitani: sheya ikakwera adzagula mwa kufuna kwake, ikatsika adzagulitsidwa mokakamizidwa. Choncho kusiyana kwa mitengo iwiriyo kuyenera kufanana ndi mtengo wa sheya lero kuchotsapo mphamvu ya lero ya ndalama imene adzalipire mtsogolo. M'mabuku amalemba motere:

```
C - P = S - K * exp(-r * T)
```

`C` ndi `P` ndi mitengo ya maopishoni awiriwo, `S` ndi mtengo wa sheya, `K` ndi mtengo wopangana, `r` ndi chiwongoladzanja, ndipo `T` ndi zaka zotsala. Pa chitsanzo chathu, pa 1 peresenti, $14.90 kuchotsa $12.92 ndi $1.98. Pa 5 peresenti, $18.65 kuchotsa $9.13 ndi $9.52. Ndalama ya $9.52 ikutanthauza kuti $100 yodzalipidwa pakapita zaka ziwiri ndi yofanana ndi $90.48 ya lero.

Ndiye mukaona kuti maopishoni awiri a mwezi umodzi ali pafupifupi pa mtengo umodzi, koma a zaka ziwiri atalikirana ndi madola 9 kapena 10, musaganize kuti msika ukulosera kuti sheya ikwera. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa. Mpata umenewo ndi chiwongoladzanja, ndipo ukhoza kukhalapo ngakhale aliyense pa msikawo akuyembekezera kuti sheyayo itsika. Tikawerengeramo phindu limene makampani amagawira eni masheya, lamuloli limagwira ndendende pa maopishoni amene amagwiritsidwa ntchito pa tsiku lomaliza lokha, monga a mlozo wa masheya wa S&P 500. Pa maopishoni a masheya a kampani imodzi ku America, amene munthu akhoza kuwagwiritsa ntchito tsiku lililonse, limangoyandikira.

Pamene Rho amasocheretsa

Cholakwa choyamba ndi kuiwala mawu aja akuti "zina zonse zili chimodzimodzi". Pa msika weniweni sizikhala choncho. Pa opishoni yathu ya zaka ziwiri, sheya ikasuntha ndi dola imodzi, opishoni isuntha ndi masenti 59, ndipo nambala imeneyi ndi imene imatchedwa Delta. Sheya yogwedezeka 25 peresenti pachaka imasuntha dola imodzi ndi theka pa tsiku wamba. Ndiye kuti tsiku limodzi lokha likhoza kusuntha opishoni mofanana ndi peresenti yathunthu ya chiwongoladzanja, imene kawirikawiri imatenga miyezi. Mu 2022, pamene chiwongoladzanja chinkakwera, mlozo wa S&P 500 unatsika ndi pafupifupi 19 peresenti. Munthu amene anagula opishoni yogulira chifukwa anamva kuti kukwera kwa chiwongoladzanja kumaikweza mtengo, anapezadi madola atatu kapena anayi kudzera mwa Rho, koma anataya oposa pamenepo chifukwa cha kugwa kwa sheya. Rho ndi wothandiza pomvetsa mtengo, koma opishoni ya sheya si chida chabwino cholosera nacho chiwongoladzanja.

Cholakwa chachiwiri ndi kuyang'ana chiwongoladzanja cholakwika. Chimene Federal Reserve imalengeza ndi cha ngongole ya usiku umodzi pakati pa mabanki. Opishoni ya zaka ziwiri imatsatira chiwongoladzanja cha ngongole ya zaka ziwiri, ndipo chimenechi chimayenda patsogolo, molingana ndi zimene msika ukuyembekezera. Kumapeto kwa 2021 zikalata za boma la America za zaka ziwiri zinkapereka pafupifupi 0.7 peresenti. Pofika kumapeto kwa Malichi 2022 zinali zitadutsa 2 peresenti, pamene banki yaikulu inali itangokweza kota imodzi yokha. Amene ankadikira chilengezo kuti aone mitengo ikusintha anapeza kuti inasintha kale. Tsiku lachilengezo mtengo umasuntha pokhapokha zolengezedwazo zikasiyana ndi zimene anthu ankayembekezera.

Cholakwa chachitatu chimakhudza phindu limene makampani amagawira eni masheya. Kampani ija yodziteteza, imene yagula masheya 59 pa ngongole, imalipira chiwongoladzanja koma imalandiranso gawo la phindu la masheyawo. Choncho chimene chimalowa mu mtengo wa opishoni ndi kusiyana kwa ziwirizi. Ngati chiwongoladzanja ndi 5 peresenti ndipo sheya ikugawa 4 peresenti pachaka, mpata wa `Call` ndi `Put` ukhala waung'ono ngati kuti chiwongoladzanja ndi 1 peresenti. Munthu akawerengera osaikamo phinduli, aona ngati opishoni yogulira ndi yotsika mtengo modabwitsa, pamene mtengo wake ndi woyenera. Zofanana zimachitika ndi masheya osowa, amene ofuna kuwabwereka amalipira ndalama zambiri: malipirowo amatsitsa opishoni yogulira n'kukweza yogulitsira.

Chomaliza chimakhudza ufulu wogwiritsa ntchito opishoni nthawi isanathe. Tiyerekeze kuti muli ndi ufulu wogulitsa pa $100, sheya yagwa kufika pa $40, ndipo patsala chaka. Chiwongoladzanja chikakhala pafupi ndi ziro palibe chifukwa chothamangira. Chikakhala 5 peresenti, kulandira $100 lero kukupatsani pafupifupi $5 pachaka, ndipo kudikira ndi kutaya. Choncho chiwongoladzanja chikakwera, eni maopishoni otere amayamba kuwagwiritsa ntchito msanga, ndipo amene anawagulitsa amadzuka m'mawa n'kupeza kuti agulitsidwa masheya nthawi imene sankayembekezera, ndalama zikufunika tsiku lomwelo. Opishoni imene yayandikira kugwiritsidwa ntchito motere imakhala ndi Rho wocheperapo kusiyana ndi amene njira ya Black ndi Scholes imapereka, chifukwa nthawi yake yeniyeni yodikira yafupika.

Kubwerera ku sabata ija

Tsopano tikhoza kuwerengera zimene zinachitika mu Malichi 2023. Munthu amene anali ndi opishoni yonga ya chitsanzo chathu, ya zaka ziwiri, ya $18.65, anali ndi Rho wa 0.98. Chiwongoladzanja cha zaka ziwiri chitatsika ndi peresenti imodzi, mbali imeneyi yokha inamuchotsera pafupifupi $98 pa kontirakiti, ndiko kuti 5 peresenti ya mtengo wake, m'masiku asanu ndi awiri. Wokhala ndi makontirakiti 50 anataya ndalama zoyandikira $4,900 kudzera njira imeneyi. Mnzake wa opishoni ya mwezi umodzi, chiwongoladzanja chake chikanatsika ndi peresenti yomweyo, akanataya $4 pa kontirakiti. Sabata yomweyo masheya nawonso ankagwedezeka, ndipo mantha anakweza mitengo ya maopishoni ambiri, moti pa akaunti zonsezi zinasakanikirana. Amene ankadziwa Rho wake ndi amene akanatha kupatula n'kunena kuti gawo ili lachokera ku sheya, ili ku mantha, ili ku chiwongoladzanja.

Kuwerengera kwake sikufuna makina apadera. Mutenge Rho amene walembedwa pambali pa opishoni yanu, muchulukitse ndi 100, muchulukitsenso ndi chiwerengero cha makontirakiti anu. Zimene mwapezazo ndi madola amene peresenti imodzi ingakupatseni kapena kukulandani. Kenako muyerekeze ndi mpata wa pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira wa opishoniyo. Ngati kota ya peresenti ikusuntha mtengo mochepera pa mpata umenewo, monga zimakhalira ndi maopishoni a masabata kapena miyezi iwiri itatu, mukhoza kuika maganizo anu pa zinthu zina. Ngati patsala chaka kapena kuposa, ndipo chiwongoladzanja cha nthawi imeneyo chikuyenda ndi peresenti kapena kuposa, ndiye kuti muli ndi ngongole yoyenera kuiwerengera ngati ngongole ina iliyonse. Pa opishoni yogulira, wobwereka ndi inu, ndipo chiwongoladzanja chake munalipiriratu tsiku limene munagula. Pa opishoni yogulitsira, ndinu amene mukudikira ndalama, ndipo mtengo wa kudikirako umasintha tsiku lililonse limene msika wa ngongole watsegulidwa.